Mbiri imodzi m'zilankhulo ziwiri: njira zimene tinayesa polemba za geni ya usipa ya alamu anga

Ndili ndi kashopu kotayipa ndi kusindikiza makalata pa Mangochi Boma, kufupi ndi mlatho wa pa Shire. Kale ntchito yanga yambiri inali makalata ofunsira ntchito ndi makadi a ukwati. Masiku ano anthu ambiri akubwera ndi pempho lina: akufuna mawu ochepa ofotokoza kuti iwo ndi ndani, amachita chiyani, amapezeka kuti, oti aike pa foni pamene makasitomala amawapeza, kapena pa kapepala kogawira anthu. Ndipo pafupifupi aliyense amati, "Mundilembere m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe." Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense wa kuno. Banja lililonse lili ndi wina ku Joni, malire a Mozambiki ali pa Chiponde pompa, ndipo nsomba za m'nyanja yathu zimakafika mpaka ku Chipata. Munthu wa geni wa ku Mangochi amawerengedwa m'mayiko anayi asanatuluke n'komwe m'boma lake.

Ndifotokoza njira zimene ndinayesa polembera alamu anga, akazi a achimwene anga, amene amagula usipa ndi utaka kwa asodzi, kuyanika pa mathandala, kuwamba chambo, n'kumatumiza kwa anthu ooda. Ndinawalembera mbiri yawo kanayi konse tisanapeze yogwira ntchito, ndipo ulendo uliwonse ndinaphunzirapo kanthu kena.

Tisanafike pa njirazo pali funso limene anthu amalidumpha: zilankhulo ziwirizo zikhale ziti? Alamu kunyumba amalankhula Chiyawo, ndipo ooda awo a ku Mandimba ndi ku Lichinga ambiri amachimva. Kusukulu ku Mozambiki anthu amaphunzira Chipwitikizi. Ndiye panali zinayi zoti tisankhepo. Tinakhala pansi ndi foni yawo n'kuwerenga mauthenga a miyezi itatu, kuona kuti amene amagula amalemba m'chilankhulo chanji. Ochuluka ankalemba Chichewa, kuphatikizapo Amalawi a ku Joni ndi amayi a ku Chipata. Amene ankalemba Chingerezi anali ochepa koma ogula zambiri: eni mashopu ang'onoang'ono ku Joni, ena a iwo osakhala Amalawi, ndi munthu mmodzi wophikira alendo ku Chembe. A ku Mozambiki sankalemba n'komwe, ankangotumiza mawu ojambula m'Chiyawo. Apa zinaonekeratu kuti zolemba zikhale Chichewa ndi Chingerezi, ndipo Chiyawo chipite m'mawu ojambula a mphindi imodzi, alamu akulankhula okha. Munthu wina, monga wogulitsa matumba a chimanga ku Mandimba, akhoza kupeza kuti awiri ake ndi Chichewa ndi Chipwitikizi. Foni yanu ndi imene ikuuzeni, osati zimene mnzanu anachita.

Kuyamba ndi Chingerezi, kenako n'kumasulira

Iyi ndi njira imene ambiri timathamangira, chifukwa kusukulu tinaphunzira kulemba zinthu za "ntchito" m'Chingerezi, ndipo Chichewa timachiona ngati chongotsatira pambuyo. Inenso ndinayamba choncho. Ndinalemba ndime ya Chingerezi yooneka bwino, yonena za nsomba zapamwamba, kudalirika ndi kusamalira makasitomala, kenako ndinaitembenuza chiganizo ndi chiganizo.

Ubwino wake ulipo. Ndi yachangu, ndipo mfundo zimakhala zofanana mbali zonse popanda kuvutikira, poti mbali inayo ndi mthunzi chabe wa inzake. Ngati mbiriyo ikupita ku ofesi yobwereketsa ndalama, kumene adzawerenge Chingerezi chokha ndipo Chichewa chikungofunika kuti mwini wake amve zimene akusainira, njirayi ndi yokwanira.

Koma nditawawerengera alamu Chichewa chimene chinatulukacho, anakhala chete kaye, kenako anati, "Alamu, ameneyu ndi ine? Ndikumva ngati chilengezo cha pa wayilesi." Ananena zoona. Munali mawu monga "kupereka zinthu za nsomba zapamwamba kwa makasitomala athu olemekezeka", amene palibe munthu pa doko angawanene. Choipa kwambiri n'chakuti munalibe mawu amene wogula wa Chichewa amafunafuna. Mayi wa ku Chipata kapena wa ku Limbe safunsa ngati nsomba ndi yapamwamba. Amafunsa ngati usipawo ndi wofutsa kapena wongoyanika padzuwa, ngati unayanikidwa pa thandala kapena pa mchenga, ngati ndi bonya kapena wokulirapo, ndiponso kuti chigoba ndi ndalama zingati. Chingerezi chilibe mawu achidule a zinthu zimenezi, ndiye pamene ndinkalemba m'Chingerezi sizinabwere n'komwe m'mutu mwanga. Chilankhulo chimene wayambira chimasankha zimene ukumbukire. Chizindikiro choti mbiri yadwala matenda amenewa n'chosavuta: iwerengeni mokweza pamaso pa mwini wake, ndipo ngati pali chiganizo chimene iye sangachinene kwa kasitomala ataima pa thandala lake, chiganizocho chachokera kwina.

Kuyamba ndi Chichewa, kenako n'kumasulira

Ulendo wachiwiri ndinawapempha alamu kuti alankhule okha, ine ndikulemba. Zinatuluka zokoma. Anayamba ndi moni, anatchula mudzi wawo ndi mfumu yake, anafotokoza kuti geniyi anaiphunzira kwa amayi awo, kuti ana awo aphunzira sukulu ndi ndalama za usipa, ndipo anamaliza ndi kuthokoza Mulungu ndi makasitomala. Wowerenga wa Chichewa akaona zimenezi amadziwa kuti akuchita ndi munthu wokhala ndi kwawo, woti akathawa ndi ndalama pali kokamufunsa. Kwa ife dzina la mudzi ndi la mfumu ndi chikole.

Vuto linabwera pomasulira. Tsikulo ndinatanganidwa, ndiye ndinapatsa mnyamata wina wodziwa Chingerezi bwino, koma wosawadziwa alamu. Mawu oyamba ndinali nditawakonza ngati wina akuwafotokoza: "Amagula usipa kwa asodzi, amayanika okha." M'Chichewa "a" ameneyu ndi waulemu, ndipo sanena ngati munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi. Mnyamatayo m'ndime yoyamba anawasandutsa gulu la anthu, ngati kampani, ndipo m'ndime yachiwiri anawasandutsa bambo. Dzina lawo linali ndi "Che" kutsogolo, monga timatchulirana kuno, ndipo m'Chingerezimo "Che" anaoneka ngati dzina loyamba. Munthu wa ku Joni atafuna kutumiza ndalama anaona kuti dzina la pa mbiri silikufanana ndi limene latuluka pa nambala yolandirira ndalama, n'kubwerera m'mbuyo. Sanalakwe. Aliyense amene ali kutali amaopa kuberedwa.

Ngakhale zolakwikazo zitakonzedwa, Chingerezicho chinali ndi vuto lina limene kumasulira bwino sikungachotse. Mwini shopu wa ku Joni amene si Mmalawi ankayenera kuwerenga mizere isanu ya moni, mudzi ndi mfumu asanadziwe kuti mayiyu akugulitsa chiyani. Dzina la mfumu kwa iye silitanthauza kanthu. Ndipo zimene iye amafuna kudziwa munalibe, chifukwa Mmalawi sazifunsa: Mangochi ili m'dziko liti, usipa ndi nsomba yotani, chigoba n'chachikulu bwanji.

Njirayi ndimaikondabe kuposa yoyamba, chifukwa mbali imodzi imakhala yamoyo. Ngati mwa owerenga anu khumi, asanu ndi anayi ndi a Chichewa, ndipo Chingerezi mukungochiika kuti wina wodutsa asasochere, yambani ndi Chichewa, kenako Chingerezi muchidule kwambiri. Koma womasulirayo akhale munthu amene akumudziwa mwini mbiri, kapena mumuuze poyamba kuti ndi mayi mmodzi, osati gulu.

Kusakaniza ziwirizo m'ndime imodzi

Iyi sinditayapo nthawi yambiri. Achinyamata amaikonda, chiganizo kuyamba m'Chichewa n'kumalizira m'Chingerezi, monga amalankhulira m'tauni. Imagwira ntchito kwa anthu odziwa zilankhulo zonse ziwiri, amene ndi anthu omwe sankafunikira zilankhulo ziwiri poyamba pomwe. Gogo wodziwa Chichewa chokha amamva theka, mwini shopu wa ku Joni amamva theka linalo. Palinso mtundu wina wooneka waudongo, woika mzere wa Chichewa, pansi pake wa Chingerezi, kenako wa Chichewa, mpaka kumapeto. Pa foni zimatopetsa maso, chifukwa wowerenga aliyense amayenera kudumpha mzere uliwonse wachiwiri. Ndimaugwiritsa ntchito pa mndandanda wa katundu pokha, pamene mzere uliwonse ndi dzina la nsomba ndi muyezo wake.

Pepala limodzi la mfundo, mbiri ziwiri zolembedwa pazokha

Iyi ndi imene tinakhazikikapo, ndipo ndi imene ndimalangiza aliyense amene owerenga ake ali m'mayiko angapo. Imadya nthawi: ife inatitengera madzulo awiri. Maganizo ake ndi akuti chimene chiyenera kufanana m'zilankhulo ziwirizo ndi mfundo, osati ziganizo.

Tsiku loyamba sitinalembe mbiri ayi. Tinatenga pepala n'kulemba zinthu zimene siziyenera kusiyana zivute zitani. Dzina la alamu monga lilili pa chitupa cha unzika, poti ndi lomwelo limene limatuluka munthu akamatumiza ndalama pa foni. Chaka chimene anayamba geni. Mitundu ya nsomba ndi mmene iliyonse imakonzedwera. Muyezo. Malo amene amapezeka. Mmene katundu amayendera ndi pamene udindo wawo umathera. Nambala ya foni. Pepala limenelo ndilo muzu, ndipo chilichonse chimene chili m'mbiri ya Chichewa kapena ya Chingerezi chiyenera kupezeka pamenepo.

Pa pepalali m'pamene mavuto a mayiko angapo amaonekera, ndipo ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono chifukwa ndi pamene ndalama zimatayikira.

Choyamba ndi kwacha. Malawi ndi Zambia onse ndalama yawo ndi kwacha, ndipo onse amalemba K kutsogolo kwa nambala. Koma mu 2013 Zambia inachotsa maziro atatu pa ndalama yake, ndipo kwacha imodzi ya kumeneko ndi makwacha ambiri a kuno. Tinene kuti chigoba cha usipa chili pa K20,000. Munthu wa ku Chipata amene sakudziwa kuti wolembayo ali ku Malawi akaona nambala imeneyo amangotseka foni, chifukwa m'ndalama yake mtengo umenewo ndi wosamveka pa chigoba cha usipa. Zinatichitikira m'mbiri yachiwiri ija, mpaka mayi wina anaimba kufunsa ngati alamu akugulitsa lole yonse. Mankhwala ake ndi kulemba zilembo zitatu zimene mabanki amagwiritsa ntchito: MWK ya Malawi, ZMW ya Zambia, MZN ya Mozambiki, ZAR ya randi. M'Chichewa timalemba mawu enieni, "makwacha a ku Malawi". Palinso kachizindikiro kolekanitsa masauzande. Ife timaika koma, pamene m'Chipwitikizi koma amalekanitsa nambala yathunthu ndi tizigawo take, ndiye 20,000 wina wa ku Lichinga akhoza kuiwerenga ngati 20 basi. Kusiya kampata, kulemba MWK 20 000, kumachotsa chikayiko. Pamapeto pake tinagwirizana kuti mtengo usalowe n'komwe m'mbiri. Mtengo wa usipa umasintha ndi mwezi ukawala kapena mwera ukawomba, pamene mbiri imakhala miyezi yambiri osaikhudza. M'malo mwake tinalemba kuti mtengo wa tsikulo umaperekedwa munthu akafunsa, ndipo umakhala m'makwacha a ku Malawi.

Chachiwiri ndi mayina a nsomba. Pa mbiri yoyamba ija ndinalemba kapenta m'malo mwa usipa, poganiza kuti a ku Zambia ndi ku Zimbabwe amve msanga. Kunali kulakwa kwanga, ndipo alamu ndi amene analipira, chifukwa wooda wina anakana katundu atafika. Kapenta ndi nsomba ya m'nyanja ya Tanganyika, imene inakaikidwanso ku Kariba. Usipa ndi wina, wa m'nyanja yathu ino, ndipo kakomedwe kake n'kosiyana. Chimodzimodzi chambo: n'zoona kuti ndi mtundu wa tilapiya, koma mukangolemba tilapiya wowerenga wa ku Joni aganiza za nsomba yoweta m'madamu imene amaipeza m'mafiriji a m'mashopu, ndipo sangamvetse chifukwa chake mtengo uli wotero. Lamulo limene ndimatsatira tsopano ndi lakuti dzina la kuno likhalebe momwemo m'Chingerezi, n'kuwonjezerapo mawu ochepa ofotokoza kamodzi kokha: kansomba kakang'ono ka m'nyanja ya Malawi kouma padzuwa. Mmalawi wa ku Joni amafufuza mawu akuti usipa, ndipo mlendo amaphunzira dzina limene adzaitanitsire mawa.

Chachitatu ndi muyezo. Chigoba cha malita asanu aliyense wa kuno amachidziwa, ndipo m'Chichewa sitinafotokoze chilichonse. Wa Chingerezi amagula pa kilogalamu. Tinabwereka sikelo, tinayeza zigoba zitatu za usipa wouma wa masiku osiyana, n'kutenga kulemera kwa pakati, ndipo m'Chingerezi tinalemba kuti chigoba chimodzi ndi malita asanu, cholemera pafupifupi mwakuti. Mawu akuti "pafupifupi" ndi ofunika, chifukwa usipa wofutsa ndi wongoyanika salemera mofanana. Musakope nambala ya wina, yezani katundu wanu.

Chachinayi ndi malo ndi foni. Nyanja imene ife timati ya Malawi, a ku Mozambiki amati Niassa, a ku Tanzania amati Nyasa. M'Chingerezi tinalemba dzina lathu, koma tinaonetsetsa kuti mawu akuti Mangochi, Malawi ali mu mzere woyamba. Nambala ya foni tinaichotsa ziro woyamba n'kuika +265 kutsogolo m'mbiri zonse ziwiri, chifukwa nambala yoyamba ndi ziro siilowa munthu akaimba ali kunja. Za nthawi sitinavutike nazo: Malawi, Zambia, Mozambiki, Zimbabwe ndi Joni wotchi ndi imodzi, Tanzania yokha ndiyo ili patsogolo ndi ola limodzi.

Chomaliza pa pepalalo chinali chovuta kuvomereza. Alamu ankafuna tilembe kuti amatumiza katundu mpaka ku Joni. Zoona zake n'zakuti iwo amapakira n'kupereka kwa wonyamula katundu amene wogula wasankha, ndipo za pa malire saziyendetsa iwo. M'Chichewa "timatumiza" aliyense amamva kuti pali wa thiransipoti pakati. M'Chingerezi mawu ofanana nawo amamveka ngati lonjezo lakuti katundu adzafika pakhomo pa mtengo womwewo. Tinalemba zenizenizo m'zilankhulo zonse: udindo wawo umathera pamene katundu wakwera galimoto.

Tsiku lachiwiri ndinalemba mbiri ya Chichewa, pepala la mfundo lili pambali, alamu ali pa mpando akundiwongolera. Inayamba motere: "Moni nonse. Ndine mayi wa geni ya nsomba ku Mangochi, m'mbali mwa nyanja. Ndimagula usipa ndi utaka kwa asodzi m'mawa, n'kuyanika ndekha pa thandala, osati pa mchenga. Ndili ndi wofutsa ndi wongoyanika padzuwa, komanso chambo chowamba nyengo yake ikakwana." Kenako panabwera mudzi, chaka chimene anayamba, muyezo, kayendedwe ka katundu ndi foni. Tinasankha "ndine" ndi "ndimagula" m'malo mwa "ife", ngakhale "ife" amamveka wodzichepetsa, chifukwa wogula akufuna kudziwa kuti akulankhula ndi mwini wake.

Nditamaliza ndinalitembenuza pepalalo chafufumimba kuti ndisalione, ndipo ndinalemba ya Chingerezi kuchokera pa mfundo zija basi. Mzere woyamba unanena zinthu zitatu: nsomba zouma ndi zowamba, zochokera m'nyanja ya Malawi, zogulitsidwa ndi mayi wakutiwakuti ku Mangochi, Malawi. Moni munalibe, mfumu munalibe. M'malo mwake munali kufotokoza usipa, kulemera kwa chigoba, ndi chiganizo chonena kuti nsombazo zimayanikidwa pa mathandala okwera kuti zisakhudze mchenga. Za amayi awo amene anawaphunzitsa geni zinalowa m'chiganizo chimodzi chakumapeto. Ya Chichewa inatalika kuposa ya Chingerezi, ndipo sindinayese kuzilinganiza.

Chichewa chake chiti?

Mbali ya Chichewa nayonso imawerengedwa m'mayiko angapo. Chilankhulochi kuno chinayamba kutchedwa Chichewa mu 1968, koma ku Zambia ndi ku Mozambiki amatibe Chinyanja, ndipo ku Zimbabwe malamulo a dziko a 2013 amachitchula pakati pa zilankhulo zovomerezeka. Kalembedwe kamasiyana pang'ono. Pamene ife timalemba ch, a ku Zambia amalemba c yekha, ndiye chambo kwa iwo ndi cambo, ndipo ntchito ndi nchito. Ena amandifunsa ngati alembe mbiri yachitatu ya kalembedwe kameneko. Yankho langa ndi ayi. Wa ku Chipata amawerenga kalembedwe kathu popanda kupunthwa, monga ifenso timawerengera kawo. Chimene chimamusokoneza ndi mawu a m'tauni a chaka chino, ofupikitsa a pa foni, ndi mawu a Chiyawo amene ife a kuno timalowetsa osadziwa n'komwe. Wa ku Lusaka, amene Chinyanja chake n'chosakanikirana ndi zilankhulo zina, amavutikanso ndi miyambi ndi mawu akuya a m'mabuku. Ndiye lembani Chichewa chapakati, cha ziganizo zazifupi, chimene mungalankhule ndi mlendo pa depoti. Pa kamutu kosonyeza chilankhulo tinalemba mayina onse awiri, Chichewa ndi Chinyanja, kuti wa kutsidya adziwe kuti gawolo ndi lakenso.

Ngati mbiri yanu ikutchula maphunziro, samalani ndi mayina ofupikitsa. MSCE wa ku Joni saidziwa, ndipo m'Chingerezi muyenera kunena kuti ndi satifiketi yomalizira sekondale ku Malawi. TEVETA ndiye iliko ku Malawi, ilikonso ku Zambia, mabungwe awiri osiyana a dzina lofupikitsa limodzi, choncho tchulani dziko.

Malo akachepa, ndiponso chiti chikhale pamwamba

Pa kapepala kosindikiza nkhani ndi yosavuta, chilankhulo china kutsogolo, china kuseri. Pa foni malo ndi owerengeka. Instagram imalola zilembo 150 pa mawu ofotokoza munthu, X imalola 160, ndipo mipata ya pakati pa mawu imawerengedwa nawo. Chichewa chimadya malo chifukwa mawu ake ndi aatali. Chiganizo chakuti "Timagulitsa usipa wouma ndi chambo chowamba kuchokera ku Mangochi, Malawi." chili ndi zilembo 74 pamodzi ndi mipata, limene ndi pafupifupi theka la malo onse a pa Instagram. Pamenepo mbiri ziwiri sizingakwane. Chimene chimatheka ndi mzere umodzi pa chilankhulo chilichonse, osabwereza zinthu zimene sizifuna kumasulira. Dzina la malo ndi nambala ya foni zilembedwe kamodzi pansi, zitumikire onse. Mbiri zathunthu zija alamu anazisunga m'foni ngati mauthenga awiri osiyana, ndipo munthu akawalembera koyamba amamutumizira ya chilankhulo chimene iye wayambira.

Pamene zonse ziwiri zikukwana pa tsamba limodzi, foni nthawi zambiri imaonetsa mizere yoyamba yokha n'kubisa yotsalayo mpaka munthu adine. Chilankhulo chimene chili pansi chikhoza kusaoneka n'komwe. Ife tinaika Chichewa pamwamba chifukwa ndiwo ogula ambiri, koma pamwamba pa zonse tinaika kamzere kamodzi ka Chingerezi kouza wowerenga kuti gawo lake lili m'munsi. Wina amene ndalama zake zambiri zimachokera kwa alendo, monga woyendetsa boti ku Monkey Bay, atembenuze: Chingerezi pamwamba, kamzere ka Chichewa kolozera pansi.

Kuyesa musanatulutse

Kuopsa kwa njira yachinayi n'kwakuti mbiri ziwiri zolembedwa pazokha zikhoza kuyamba kunena zosiyana, makamaka pakapita nthawi, wina akasintha nambala ya foni mbali imodzi n'kuiwala inayo. Choncho nditamaliza ndinatenga pepala la mfundo lija n'kuchonga chinthu chilichonse kawiri, kamodzi m'Chichewa, kamodzi m'Chingerezi. Ndinapeza kuti m'Chingerezi ndaiwala utaka, ndipo m'Chichewa ndasiya kunena pamene udindo wa alamu umathera.

Kenako tinatumiza ya Chichewa kwa mayi mmodzi wa ku Chipata amene amagula kwa iwo, ndipo ya Chingerezi kwa mnzake wa mwana wawo ku Joni, wosadziwa Chichewa ngakhale pang'ono. Sitinawafunse ngati mbiriyo ndi yabwino, chifukwa aliyense amayankha kuti inde. Tinawafunsa mafunso atatu omwewo: mayiyu akugulitsa chiyani, ali kuti, ndipo mutafuna kugula mawa mungachite chiyani? Wa ku Chipata anayankha onse bwino. Wa ku Joni anayankha awiri, koma pa lachitatu anati sakudziwa ngati angalembe m'Chingerezi n'kuyankhidwa. Limeneli sitinaliganizire. Alamu Chingerezi amachimva koma kulemba chimawavuta, ndipo amene amayankha mauthenga amenewo ndi mwana wawo wamkazi akaweruka kusukulu. Tinawonjezera mfundo imodzi pa pepala lija, n'kuilowetsa m'mbiri ya Chingerezi yokha: mauthenga a Chingerezi amayankhidwa madzulo, kuyambira 5 koloko.